Chifuwa chikukwera ndi kutsika, nanga adokotala akuti wamwalira bwanji?

Zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino, nthawi zambiri ankandiitana kuti ndikatanthauzire achibale ochokera ku Angoniya, Tsangano ndi Makanga zimene adokotala akunena m'Chipwitikizi. Panalibe mawu amene ankandiuma pakamwa ngati awa akuti morte serebrali, kufa kwa ubongo. Ndifotokoza za banja limodzi. Ndasintha zina ndi zina kuti eni ake asadziwike.

Mnyamata wa zaka 24 anagwa pa njinga yamoto atanyamula matumba a mbatata ya kachewere. Chipewa choteteza mutu sanavale. Anadzuka yekha, anasasa fumbi, anacheza ndi anthu amene anamuthandiza kukweza matumba, n'kupita kwawo. Madzulo anadandaula mutu, anasanza kawiri, n'kugona. Usiku amayi ake anamugwedeza koma sanadzuke. Kuchipatala chapafupi anamutumiza kuchipatala chachikulu, ulendo wa maola angapo kutsika kuchokera kumapiri ozizira mpaka kuchigwa chotentha cha Zambezi. Kumeneko anamulowetsa paipi kukhosi n'kumulumikiza ku makina opumira.

Tsiku lachitatu, adokotala atamaliza kulankhula ine n'kutanthauzira, amalume ake anakhala chete kanthawi. Kenako analoza pabedi. «Anamwino, ife si ana. Maliro timawadziwa, tasambitsapo ambiri. Thupi ili ndi lofunda, mtima ukugunda, chifuwa chikukwera. Mutiuze bwinobwino, mphwangayu wapita kapena alipo?» Amayi ake anawonjeza kuti mwana wa mchemwali wawo anagonapo masiku anayi osadzuka ndi malungo aakulu, lero ali ku sukulu. Funso lawo linali lomveka, ndipo kuti liyankhidwe pamafunika kusiyanitsa zinthu zitatu zimene pabedi zimaoneka ngati chimodzi.

Mbali ziwiri za ubongo

Ubongo uli ndi mbali zambiri, koma pa nkhaniyi ziwiri zikukwanira. Yoyamba ndi yapamwamba, yaikulu, yamakwinyamakwinya, imene yadzaza chigaza. Imeneyi ndi imene imaganiza, kukumbukira, kudziwa mawu a mwana wako pakati pa ana ambiri, kumva manyazi ndi chisoni. Yachiwiri ndi yaing'ono, kukula kwake ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu, ili pansi chakunkhongo pamene ubongo umalumikizana ndi mtsempha waukulu wotsika mumsana. Imeneyi tizitchula kuti tsinde la ubongo. Tsindeli ndi limene limamudzutsa munthu m'mawa, limatsogolera kupuma usana ndi usiku, kutsokomola, kumeza, kuphethira, ndi kuchepetsa mwanadiso kukawala.

Mtima wokha ndi wosiyana. Uli ndi kachigawo kakekake kamene kamaupatsa lamulo logunda, sudikira ubongo. Ubongo umangouuza kuti fulumira kapena chepetsa. Bola magazi akhale ndi mpweya wabwino, mtima umagunda ngakhale ubongo utasiya ntchito. Mapapo alibe mwayi umenewu. Kupuma kulikonse kumayamba ndi lamulo lochokera ku tsinde la ubongo, ndipo lamulolo likasiya kubwera chifuwa chimaima.

Mfundo imeneyi ndi imene imatsegula zonse zotsatirazi.

Chikomokere

Madokotala, m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi momwe, amati koma, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza tulo tofa nato. Kwa ife mawuwa amasokoneza, chifukwa munthu akamva «koma» amadikira kuti wolankhulayo apitirize. Ine ndizinena kuti chikomokere.

Munthu amene ali chikomokere maso ake amakhala otseka, sadzuka ngakhale mumuitane kapena kumutsina, ndipo sadziwa zimene zikuchitika. Koma ubongo wake uli moyo. Magazi akufikako, mbali zina zikugwira ntchito, ndipo ambiri amapuma okha. Zimene zimachititsa n'zambiri: kuvulala m'mutu, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, sitiroko, shuga kutsika kwambiri kapena kukwera kwambiri, kumwa mankhwala ophera tizilombo, kachasu wopitirira muyeso. Chikomokere tsono si dzina la nthenda. Ndi momwe munthu alili, ndipo tsogolo lake limadalira chimene chamugwetsa. Wa shuga wotsika amatha kutsegula maso dripi isanathe. Amene mtima wake unaima kwa mphindi zambiri ubongo n'kusowa mpweya, nkhani yake imakhala yolemera.

Ndimayerekeza ndi moto umene mayi wafotsera ndi phulusa usiku. Ukayang'ana pamwamba suona lawi kapena utsi. Pansi pangakhale khala lofiira loti m'mawa ungopemerera n'kuyaka, pangakhalenso khala loti likuzirala. Kungoyang'ana kamodzi sungadziwe.

Kale madokotala ankangolemba kuti wodwala wakomoka kwambiri kapena pang'ono, aliyense m'mene waonera. Mu 1974, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett a ku Glasgow anakonza muyeso umene lero umagwiritsidwa ntchito pafupifupi kulikonse. Amayang'ana zinthu zitatu: ngati maso akutseguka, ngati munthu akutulutsa mawu, ndi mmene manja akuyankhira akauzidwa kapena akamva ululu. Akaphatikiza, munthu wabwinobwino amapeza 15, wotsikitsitsa amapeza 3. Kuyambira 8 kutsika ndiye amati ali chikomokere. Kwa ana aang'ono amene sanayambe kulankhula pali muyeso wina woyambira 0 kufika 5, umene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor ndi anzawo anaukonza ku Blantyre mu 1989 posamalira ana a malungo a mu ubongo. Ana ambiri otero, akalandira mankhwala msanga, amatsitsimuka pakapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Choncho amayi aja sananame za mwana wa mchemwali wawo.

Mnyamata wathu pofika anapeza 7: maso osatseguka, kubuula kopanda mawu, ndipo akamutsina chala ankabweza dzanja. Pamenepo analidi chikomokere, ndipo chiyembekezo chinalipo. Nambalayi mukhoza kuifunsa tsiku lililonse. Chofunika si nambala ya lero yokha, koma kumene ikulowera. Dziwaninso kuti 3 si imfa. Munthu wopatsidwa mankhwala ogonetsa amphamvu amapeza 3 n'kudzadzuka.

Chikomokere sichikhalitsa. Pakatha milungu iwiri mpaka inayi chimakhala chitalowera kwina: munthu watsitsimuka, kapena wamwalira, kapena watsegula maso koma osabwerera. Nkhani zimene timamva zoti wina anagona chikomokere zaka khumi, pafupifupi zonse zimanena za gawo lachitatuli.

Maso otsegula, munthu osazindikira

Apa tsinde la ubongo lapulumuka kapena lachira, koma mbali yapamwamba, kapena njira zimene zimailumikiza, zawonongeka kwambiri. Munthu amapuma yekha popanda makina. Amatsegula maso, amagona n'kudzuka, amayasamula, amakukuta mano, amabuula, nthawi zina nkhope imaoneka ngati ikumwetulira kapena misozi imatsika. Chitseko chikamenyetsedwa amadzidzimuka. Koma mukadutsa kutsogolo kwake maso sakutsatirani, ndipo mukati «finya dzanja langa» palibe yankho lodalirika. Zili ngati nyumba imene mazenera ake amatseguka m'mawa n'kutsekeka madzulo, utsi ukutuluka padenga, koma mukati odi palibe amene akuyankha.

Mu 1972, Jennett yemwe uja ndi Fred Plum wa ku New York ndi amene anapereka dzina limene pa mapepala a kuno limamveka kuti esitado vejetativo. Ankatanthauza kuti ntchito za thupi zimene zimachitika zokha, monga kupuma ndi kugaya chakudya, zikupitirira. Koma dzinali linapweteka mabanja ambiri, chifukwa limamveka ngati mukumuyerekeza munthu ndi ndiwo zamasamba. Mu 2010 madokotala ena a ku Ulaya anapempha kuti lisinthidwe likhale lonena chabe kuti munthu ali maso koma sakuyankha. Ine ndimaona kuti analondola.

Munthu wotere ndi wamoyo, ndipo palibe dziko limene limamuwerengera ngati womwalira. Akasamalidwa amatha kukhala miyezi kapena zaka. Chisamalirocho n'cholemera, ndipo nthawi zambiri chimagwera amayi, akazi ake kapena alongo ake: kumutembenuza pakatha maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, kumupatsa phala losefa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno atamudzutsako mutu, kupinda ndi kuwongola miyendo kuti isaume, kumutsuka m'kamwa. Ambiri chimene chimadzawatenga ndi chibayo kapena zilonda zapogona zikalowa majeremusi.

Kodi amabwerera? Ena amabwerera, makamaka achinyamata ovulala m'mutu, ndiponso makamaka m'miyezi yoyambirira. Mu 1994 akatswiri a ku Amerika anaika malire awa: ngati choyambitsa ndi ngozi, chiyembekezo chimachepa kwambiri pakatha miyezi 12, ngati ndi kusowa mpweya mu ubongo, pakatha miyezi itatu. Pambuyo pake anaona kuti ochepa amasintha ngakhale malirewa atadutsa, ndiye mu 2018 anasiya kugwiritsa ntchito mawu oti «mpaka kalekale». Tinenenso zoona kuti obwerera mochedwa ambiri amakhala olumala kwambiri, ofuna wowasamalira moyo wawo wonse.

Pali gawo lina loyandikana nalo limene linapatsidwa dzina mu 2002, la munthu wozindikira pang'ono. Iye nthawi zina amatsatira munthu ndi maso, kapena amagwira kapu, kapena amalira akamva mawu a mwana wake koma osati a mlendo. Lero achita, mawa sachita. Terry Wallis wa ku Arkansas, amene anachita ngozi ya galimoto mu 1984 n'kudzalankhula mu 2003, madokotala amati anali wa gulu limeneli. Apa achibale ali ndi ntchito yaikulu, chifukwa dokotala amafika mphindi zisanu pamene mayi amakhalapo usiku wonse. Mukaona chinthu, onani ngati chikubwerezeka mukapempha, kumbukirani nthawi yake, muwauze anamwino. Chenjezo lokha ndi lakuti kufumbata chala chimene mwaika m'dzanja lake kumachitika kokha, ngati mmene amachitira khanda. Chizindikiro champhamvu ndi pamene mwamuuza kuti «siya» iye n'kusiya.

Kufa kwa ubongo

Makolo athu sankadziwa za imfa yamtunduwu chifukwa kunalibe. Tsinde la ubongo likafa, kupuma kunkaima, ndipo pakapita mphindi zochepa mtima unkaima. Zonse zinkachitika pamodzi. Zinasintha mu 1952, pamene mliri wa poliyo unagwa mumzinda wa Copenhagen ndipo odwala ambiri ankalephera kupuma. Dokotala wina, Bjørn Ibsen, anaonetsa kuti mukhoza kuboola pakhosi n'kumapopera mpweya m'mapapo, ndipo ophunzira udokotala ankasinthana usana ndi usiku kufinya matumba a mpweya ndi manja. Makina opumira a lero anachokera pamenepo. Apulumutsa anthu osawerengeka, koma anabweretsanso chinthu chachilendo. Mu 1959, Pierre Mollaret ndi Maurice Goulon a ku Paris analemba za odwala 23 a pamakina amene ubongo wawo sunkasonyeza ntchito ina iliyonse, n'kutchula mkhalidwewo kuti «kupitirira chikomokere». Mu 1968 komiti ya ku yunivesite ya Harvard, yotsogoleredwa ndi Henry Beecher, inalemba zizindikiro zake n'kunena kuti munthu wotero awerengedwe kuti wamwalira.

Chimachitika m'mutu n'chiyani? Bondo likavulala limatupa, ndipo khungu limatamuka kulipatsa malo. Ubongo uli m'chigaza, fupa losatamuka. Kwa mnyamata uja, mtsempha unang'ambika m'kati mwa chigaza ndipo magazi ankadontha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake anayamba wayenda ndi kucheza. Magaziwo atachuluka anapanikiza ubongo, ubongo unatupa, kutupako kunafinya mitsempha yobweretsa magazi, kusowa magazi kunawonjeza kutupa. Mapeto ake mphamvu ya m'chigaza imaposa mphamvu imene mtima ukupopera, ndiye magazi amafika pakhomo n'kulephera kulowa, ngati paipi yothirira kudimba imene wina waipondapo. Ubongo umakankhidwira pansi, ku bowo la kunkhongo, n'kuphwanya tsinde lija. Maselo a ubongo amayamba kufa pakangopita mphindi zochepa opanda magazi, ndipo samerenso. Usiku wachiwiri nambala ya mnyamatayu inatsika kufika pa 3, mwanadiso wa diso limodzi anakula osabwerera, kenako winayo. Mkodzo unayamba kutuluka wambirimbiri, woyera ngati madzi, chizindikiro chakuti kachiwalo ka pansi pa ubongo kamene kamasunga madzi m'thupi kasiya ntchito.

Amalume aja ndinawakumbutsa za mvukuto wa wosula makasu. Moto ukakhala ndi khala, mvukuto umauyatsa. Ukazimiratu, mukhoza kupopa tsiku lonse: chikopa chizifufuma ndi kuphwa, mphepo izituluka, phulusa liziuluka, koma moto palibe. Chifuwa chimene ankachionacho chinkakwezedwa ndi makina. Mpweya wa makinawo unkalowa m'magazi, mtima unkagunda pawokha monga ndafotokozera, magazi oyendawo n'kumafunditsa khungu. Zonse zimene anaona zinali zoona. Chimene sichikanaoneka ndi maso n'chakuti magaziwo sankafikanso mu ubongo.

Mmene amatsimikizira

Dokotala saloledwa kungoyang'ana n'kunena. Asanayambe n'komwe kuyeza, ayenera kudziwa chimene chawononga ubongo ndiponso kuti n'chosabwezeka. Ngati choyambitsa sichikudziwika, sayeza. Kenako achotse zonse zimene zimanamiza. Thupi lozizira kwambiri limagonetsa ubongo, ndiye amayamba alifunditsa. Mankhwala ogonetsa ndi ofooketsa minofu ayenera kutha m'magazi, ndipo impso kapena chiwindi zikakhala zofooka zimenezi zimatenga masiku. Kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mchere wa m'magazi zikhale pamlingo wabwino. Kwathu kuno pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo kwambiri: mankhwala ophera tizilombo a m'munda, ndi ululu wa njoka monga mamba umene umaumitsa minofu yonse mpaka ya maso ndi yopumira pamene ubongo uli moyo. Munthu wolumidwa ndi njoka yotero akhoza kuoneka ngati wapita koma akumva zonse, ndipo makina akamupumira masiku angapo amachira. Ngati mukudziwa kuti m'bale wanu anamwa kanthu, kuphatikizapo mankhwala achikuda, nenani. Palibe amene akuimbeni mlandu, ndipo mawu anuwo akhoza kusintha zonse.

Zikatero amayeza tsinde la ubongo, ntchito imodzi ndi imodzi, kuchokera pamwamba kutsika. Amawalitsa tochi m'maso kuona ngati mwanadiso achepa. Amakhudza diso ndi kathonje kuona ngati liphethira. Amadina mwamphamvu pafupa la pamwamba pa diso kuona ngati nkhope ichita tsinya. Amathira madzi ozizira kwambiri m'khutu, pafupifupi mamililita 50, ataona kaye kuti khutulo ndi labwino. Tsinde likakhala moyo maso amatembenukira kukhutu limenelo. Amakhudza kummero kuona ngati munthu afuna kusanza, n'kulowetsa kapaipi mpaka m'njira ya mpweya kuona ngati atsokomola. Chimodzi chokha mwa zimenezi chikayankha, kuyeza kumathera pomwepo. Munthuyo sanafe ubongo, ndipo chisamaliro chimapitirira.

Chomaliza ndi kuyeza kupuma. Chimene chimatikakamiza kupuma kwenikweni ndi kuchuluka kwa mpweya woipa m'magazi. Yesani kugwira mpweya, muona kuti simufika patali thupi lisanakukakamizeni. Ndiye amayamba amupatsa wodwalayo okosijeni wambiri, kenako amaimitsa makina kwa mphindi pafupifupi 8 mpaka 10, okosijeni akupitirira kulowa kudzera m'kapaipi. Amavundukula chifuwa ndi mimba n'kumayang'anitsitsa. Potsiriza amatenga magazi a pamkono kuyeza ngati mpweya woipawo wakweradi kufika pa 60 kapena kuposa, mlingo umene tsinde lamoyo silingaupirire. Akapuma ngakhale kamodzi, makina amabwezeretsedwa msangamsanga. M'mayiko ambiri kuyezaku kumachitidwa ndi madokotala awiri kapena kumabwerezedwa, ndipo kwa ana amadikira nthawi yotalikirapo. Pamene kuyeza kwina sikutheka, monga nkhope ikavulala kwambiri, amafuna umboni wina, monga chithunzi chosonyeza kuti magazi sakulowa m'mutu.

Mnyamata uja anamuyeza m'mawa, anamuyezanso madzulo. Ulendo wachiwiri amalume ake anapempha kuti aonerere, adokotala anavomera. Anaima kumiyendo kwa bedi chipewa chili m'manja. Makina atazimitsidwa m'chipindamo munangoti zii, kupatula kulira kwa kamakina kowerenga mtima. Anayang'ana chifuwa cha mphwawo mphindi zonsezo, ndipo sichinasunthe. Makina atayatsidwanso anatuluka panja n'kukauza mlongo wawo kuti, «Mayi ake a mwana, ndaona ndi maso angawa. Akupumayo si iye.»

Nanga bwanji anagwedeza phazi?

Usiku womwewo mlongo wake wa mnyamatayo anandithamangira kuti wamugwira kuphazi ndipo zala zapindika. Zimenezi zimachitika kwa anthu ambiri ndithu amene ubongo wawo wafa, ndipo zimaswa mtima. Mtsempha waukulu wa mumsana umalandirabe magazi, ndipo uli ndi mayankho akeake osadutsa ku ubongo, ngati pamene dokotala amagogoda bondo mwendo n'kudumpha wokha. Chala chikhoza kugwedezeka, mwendo ukhoza kukhwinyata, ndipo mwa apo ndi apo manja onse amatha kunyamuka n'kugwera pachifuwa. Madokotala anachipatsa chimenechi dzina la Lazaro wa m'Baibulo, dzina limene ine ndimaona kuti limapatsa chiyembekezo pamene palibe. Mukaona zotero musazisunge mumtima. Itanani dokotala adzaone, chifukwa ndi ntchito yake kusiyanitsa kugwedezeka kochokera mumsana ndi kochokera m'mutu.

Thupi lotere silikhalitsa. Popanda tsinde la ubongo, kuthamanga kwa magazi kumagwa, thupi limazizira, mchere umasokonekera, ndipo nthawi zambiri mtima umaima pakapita maola kapena masiku ochepa ngakhale makina ali chiyakire. Pamene pali zipangizo zambiri thupi lasungidwapo nthawi yaitali, monga amayi oyembekezera kuti mwana akhwime, koma amayiwo sanadzuke. Malangizo amene akatswiri a mayiko ambiri anagwirizana mu 2020 amati nthawi ya imfa ndi pamene kuyeza kwatha, osati pamene makina azimitsidwa. Ndimafuna achibale amve bwino pamenepa, chifukwa ambiri amabwerera kumudzi ndi katundu woti «tinavomera kuti amuphe». Kuzimitsa makina kwa munthu wa chikomokere ndi nkhani ina, yofuna kukambirana kwakukulu. Kwa amene ubongo wake watsimikizidwa kuti wafa, chimene chinamupha ndi kuvulala kuja, ndipo chinamaliza kale.

Banja lija linapempha kuti adikire abambo ake aang'ono amene anali m'njira, ndi kuti abusa adzapemphere. Zinatheka. Kupempha nthawi yotsanzikana n'kololedwa, ngakhale kuti pamene makina ndi ochepa ndipo wodwala wina akudikira, nthawiyo singakhale yaitali.

Zimene anthu sanagwirizanebe

Madokotala amagwirizana kuti munthu woyezedwa moyenera n'kupezeka kuti ubongo wafa sadzukanso. Nkhani za «anadzuka atauzidwa kuti ubongo wafa», zikafufuzidwa, kawirikawiri zimapezeka kuti mawuwo ananenedwa mosasamala, kapena kuyeza kunachitika mankhwala asanathe m'thupi, kapena sikunamalizidwe. Funso lotsala ndi la zipatala zimene zilibe chipangizo choyezera mpweya wa m'magazi kapena makina ojambula m'mutu. Dokotala wa kumeneko akhoza kuona kuti chiyembekezo palibe, koma sangamalize muyeso wonse. Anene mawu ati kwa achibale, ndipo adikire mpaka liti pamene makina ndi amodzi? Pamenepa muli ndi ufulu wofunsa kuti, «Mwayeza kupuma? Mankhwala ogonetsa anasiyidwa liti? Mukuti ubongo wafa, kapena mukuti wawonongeka kwambiri?»

Mayiko nawonso amasiyana pa tanthauzo. Ku Britain amati tsinde likafa n'zokwanira, pamene lamulo la ku Amerika limanena za ubongo wonse. Ena amafunsa kuti, ngati kachigawo kena kakang'ono kakutulutsabe timadzi ta m'thupi, tinganene kuti wonse wafa? Ku Japan anthu anakana ganizoli zaka zambiri, ndipo lamulo lawo la 1997 linalivomereza pokhapokha pa nkhani yopereka ziwalo. Chigawo cha New Jersey ku Amerika chimalola banja kukana imfa yamtunduwu pa zifukwa za chipembedzo. Akhristu ndi Asilamu ambiri amaivomereza, ena amati moyo uli m'magazi ndi mumtima ndipo adikira mtima uime. Palinso amene amakayikira chifukwa ganizoli linakula nthawi imodzi ndi luso losamutsa ziwalo, pamene ena amayankha kuti odwala a ku Paris aja anafotokozedwa mu 1959, mtima woyamba usanasamutsidwe ku Cape Town mu 1967.

Funso lovuta kwambiri lili kwa aja a maso otsegula. Mu 2006, Adrian Owen ndi anzake ku Cambridge anaika mtsikana wa zaka 23, amene ankaoneka kuti sazindikira kanthu, m'makina ojambula ntchito ya ubongo, n'kumuuza kuti aganize ngati akusewera tenisi. Ubongo wake unayankha ngati wa munthu wabwinobwino. Kafukufuku wa mu 2024 anapeza zofanana nazo mwa odwala 60 pa 241 amene pabedi sankatsatira lamulo lililonse. Izi sizikhudza amene ubongo wawo wafa, chifukwa kwa iwo palibe chojambula. Koma kwa mayi wa ku Domwe, ku Angoniya, amene akutembenuza mwana wake usiku, kutali ndi makina oterowo, palibe njira yodziwira ngati mwanayo ali m'gulu la akumva. Akumva zochuluka bwanji, akumva ululu kapena ayi, ndipo akanatha kuyankha akanapempha chiyani? N'chifukwa chake anamwino timaphunzitsidwa kupereka moni, kunena chimene tikufuna kuchita tisanamugwire munthu wotero, ndi kutulutsa panja nkhani za ngongole ndi za maliro.

Chinanso chimene sichinayankhidwe n'cha pamudzi. Mwambo wathu uli ndi njira yake yolengezera maliro: atumiza uthenga kwa mfumu, adzukulu akonzeka, amayi ayamba kulira. Koma uthengawo utumizidwe liti, pamene adokotala alemba nthawi papepala kapena pamene mtima waima? Amalume aja anaganiza usiku wonse. Anatumiza uthenga woyamba woti anthu asapite kumunda kutali, ndipo wachiwiri anautumiza masana a tsiku lotsatira, makina atazimitsidwa, mlongo wawo atachotsa dzanja lake pachifuwa cha mwana wake.